Kwacha yagwa, mitengo ikusintha: kalengezedwe kake kuti makasitomala asakuthaweni

Ambiri a ife amene tili ndi mashopu kuno ku Mulanje kukweza mtengo timakudziwa bwino, chimene chimativuta ndi kuwauza anthu. Wina amangofufuta mtengo pashelefu usiku, m'mawa kasitomala akubwera ndi ndalama imene anauzidwa dzulo, akupeza yaperewera, mkangano wayamba pakauntala pomwepo anthu akuonerera. Wina amalemba kapepala kakuti "mitengo ikwera posachedwa", koma posachedwa pakepo ndi liti? Ndiye apa ndikufuna tiyende limodzi sitepe ndi sitepe, ndipo chitsanzo chathu chikhala hadiweya ya pa Chitakale imene imaoda katundu ku Limbe, makasitomala ake ambiri ndi amisiri omanga nyumba komanso anthu amene amagula malata pang'onopang'ono. Mitengo ya katundu imene nditchule ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke, inu muikemo yanu.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Invoisi yakale ndi invoisi yatsopano (kapena mndandanda wa mitengo yatsopano) yochokera kumene mumaoda
- Mndandanda wa mitengo imene mukugulitsira panopa
- Buku la sitoko, mutawerenga katundu amene watsala
- Buku la madipoziti, la ngongole, ndi makope a makoteshoni amene munapereka
- Kalendala, kakyuleta, pepala lalikulu ndi maka yakuda
- Foni yokhala ndi manambala a makasitomala anu okhazikika

Buku la madipoziti ndi makoteshoni musalisiye m'kabati. Mikangano yambiri imachokera m'menemo.

## Sitepe 1: Tsimikizani chimene chasintha, ndi tsiku lake

Mphekesera za pa depoti si chifukwa chokwezera mtengo. Pamafunika zinthu ziwiri zogwirika: chilengezo chenicheni, ndi pepala lochokera kwa amene amakuodetsani katundu.

Titenge za Novembala 2023, poti aliyense akuzikumbukira. Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti kuyambira pa 9 Novembala 2023, dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Chaka cham'mbuyo mwake, mu Meyi 2022, inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Zimenezo ndi zinthu zoti mutha kuzitchula m'chidziwitso chanu ndipo kasitomala sangatsutse chifukwa anazimva yekha pa wailesi.

Chenjezo: ngati katundu wina mumakatenga kudzera ku Muloza kapena ku Limbuli, ndalama imene ikukukhudzani pa katundu ameneyo ndi metikali ya ku Mozambique, ndipo mumaisintha pa mtengo umene mwapeza tsiku limenelo. Musanamizire dola pa katundu amene munagula ndi metikali. Lembani m'buku kuti tsiku lakuti ndinasintha pa mtengo wakuti, basi, umboni wanu ndi umenewo.

## Sitepe 2: Werengerani katundu mmodzimmodzi, osati kuika peresenti imodzi pa zonse

Apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Amva kuti 44 peresenti, ndiye atenga 44 ija kuiika pa chilichonse chili m'shopu, kuyambira loko wochokera kunja mpaka mpini wa khasu wosemedwa kwa Nkando. Kasitomala si mwana, akudziwa kuti mpini sunaoloke nyanja, ndipo akakugwirani bodza pa mpini sadzakukhulupiriraninso pa penti ngakhale mukunena zoona.

Gawani katundu m'magulu atatu. Loyamba ndi wobwera kuchokera kunja ali wathunthu monga maloko ndi zida zamagetsi, ameneyu amatsatira dola kwambiri. Lachiwiri ndi wopangidwa konkuno koma ndi zipangizo zakunja monga penti ndi malata, ameneyu amakwera koma kawirikawiri safika pa peresenti yonse ija chifukwa mbali ina ya mtengo wake ndi malipiro a antchito ndi zina zolipiridwa m'makwacha. Lachitatu ndi wakumudzi konkuno monga matabwa ndi mipini, amene chomukweza chachikulu ndi thiransipoti basi.

Tiyeni tiwerengere chitini cha penti cha malita 5. Kale mumaoda pa K20,000, thiransipoti kuchokera ku Limbe imagwera K500 pa chitini, ndiye chafika pashelefu pa K20,500. Phindu lanu ndi 20 peresenti, mumagulitsa K24,600. Tsopano invoisi yatsopano ikuti K26,000, wagalimoto naye wakweza poti mafuta akwera, pa chitini pakugwera K700, zonse K26,700. Phindu lomwe lija la 20 peresenti likubweretsa K32,040, tingoti K32,000. Ndiye penti wakwera ndi K7,400, imene ndi 30 peresenti, osati 44.

Thabwa: mumagula K3,000 kwa ocheka, thiransipoti K200, mumagulitsa K3,800. Ocheka sanakweze, thiransipoti yokha yafika K300, mtengo watsopano K4,000. Lakwera ndi K200 yokha.

Amene mumasunga mitengo mu Excel, ikani mtengo woodera mu B, thiransipoti mu C, kenako mu D mulembe:

```
=ROUND((B2+C2)*1.2,-2)
```

Izi zikupatsani mtengo wokhala ndi phindu la 20 peresenti woyandikira ku ma K100, kuti pasamavute chenje.

Peresenti ya phindu lanu musaikweze nthawi imeneyi. Ndikunena izi motsindika chifukwa mayesero ake amakhala aakulu, aliyense akukweza ndiye munthu umaganiza kuti ndikawonjezerapo kanga palibe adziwe. Amisiri amayenda mashopu atatu anayi asanagule, ndipo ena amafika ku Limbe okha, adziwa ndithu.

## Sitepe 3: Gamulani za katundu amene ali kale m'sitoko

Funso limene mudzalimva tsiku lonse ndi lakuti, "Koma uyu si katundu wakale? Munaoda kwacha isanagwe." Ndi funso lachilungamo ndipo liyenera kuyankhidwa ndi masamu, osati ndi ukali.

Tinene kuti m'sitoko muli zitini 30 za penti uja. Mukagulitsa zonse pa K24,600 mupeza K738,000. Mukapita nayo ku Limbe, pa K26,700 chitini chilichonse, mubwerako ndi zitini 27. Phindu lonse lalowa momwemo ndipo mpamba wachepa ndi zitini zitatu, lendi ndi malipiro a mnyamata wa pakauntala simunachotsepo. Ndiye kugulitsa sitoko yonse pa mtengo wakale n'kudzipha. Koma kukweza tsiku lomwelo popanda chenjezo nakonso n'kupha ubale ndi anthu amene akhala akukugulani zaka.

Njira yapakati imene ine ndimaikhulupirira ndi iyi: patulani gawo la sitoko loti ligulitsidwe pa mtengo wakale m'masiku a chenjezo, ndipo muike malire pa munthu mmodzi. Mwachitsanzo penti zitini ziwiri pa munthu, malata khumi pa munthu. Popanda malire, wamalonda mnzanu wa ndalama zambiri atuma anyamata ake adzakokolole zonse tsiku loyamba kuti akagulitse pa mtengo watsopano kwake, makasitomala anu enieni osapeza kanthu. Malirewo alembedwe m'chidziwitso momwemo kuti asaoneke ngati tsankho.

Chimene simuyenera kuchita ndi kutseka shopu n'kumati tikuwerenga sitoko pamene mukungodikira kuti mitengo ikwere, kapena kubisa katundu kuseri n'kumati watha. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, la CFTC, limalandira madandaulo a ogula pa zinthu ngati zimenezi, komanso pa nkhani yolipiritsa mtengo wosiyana ndi umene walembedwa. Ngakhale pasafike a bungwe, pa Chitakale ndi pang'ono, wonyamula katundu wanu yemwe ndi amene akafotokoze kumsika.

## Sitepe 4: Sankhani tsiku limodzi, ndipo munene chimene chikuwerengedwa pa tsikulo

Tsiku lilembedwe lathunthu: dzina la tsiku, deti, mwezi m'mawu, chaka, ngakhalenso ola lotsegulira shopu. "Lolemba pa 20 Novembala 2023, 7 koloko m'mawa." Osati "sabata ya mawa", chifukwa meseji imene mwatumiza lero wina aiona ikamuzungulira patatha masiku anayi, sabata ya mawa yake ikhala ina. Osatinso "kumapeto kwa mwezi", chifukwa kwa wina kumapeto kwa mwezi ndi tsiku limene walandira malipiro. Mawu akuti "pofika pa 20" nawonso amasokoneza, wina amva kuti pa 20 pomwepo mtengo wakale ukadalipo. Lembani mbali zonse ziwiri: tsiku lomaliza la mtengo wakale, ndi tsiku loyamba la watsopano.

Masiku angati a chenjezo? Kwa hadiweya ngati yathuyi sabata imodzi ndi yokwanira. Masiku awiri ndi ochepa, wa ku Likhubula kapena ku Chonde amene amabwera kamodzi pa sabata samva n'komwe. Mwezi wathunthu ndi wautali, sitoko ithera pa mtengo wakale ndipo ku Limbe akhoza kukwezanso musanafike n'komwe pa tsiku lanulo. Yang'ananinso pa kalendala kuti sabata ya chenjezoyo mukhale tsiku la msika wa kwanuko, ndipo ngati malipiro a ogwira ntchito m'maesiteti a tiyi ali pafupi, ikani tsiku lanu malipiro atadutsa, osati dzulo lake. Munthu amene wakhala akudikira malipiro kuti agule malata mvula isanalimbe, mukamukwezera kutatsala tsiku limodzi, amaona ngati mwamutchera dala.

Tsopano mfundo imene ambiri amaiwala: pa tsikulo chikuwerengedwa n'chiyani? Tsiku limene munthu wafunsa mtengo, limene walipira, kapena limene wadzatenga katundu? Sankhani chimodzi. Chosavuta kutsimikiza ndi tsiku lolipira, chifukwa risiti ili ndi deti, meseji ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ili ndi deti ndi nthawi yomwe. Amene walipira zonse Loweruka pa 18 n'kudzatenga malata ake Lachitatu, ndi wa mtengo wakale. Amene anangofunsa Loweruka n'kubwera ndi ndalama Lolemba, ndi wa mtengo watsopano.

## Sitepe 5: Tsegulani buku la madipoziti, makoteshoni ndi ngongole

Musanatulutse chidziwitso kwa anthu onse, yambani mwathana ndi magulu atatu awa, ndipo awa muwaimbire foni kapena muonane nawo, asamve pa gulupu.

A makoteshoni. Ngati munalemba kuti koteshoni igwira ntchito masiku 14 ndipo munaipereka pa 8 Novembala, ndiye ikutha pa 22, kudutsa tsiku lanu la 20. Ilemekezeni mpaka pa 22. Mmisiri uja anakatenga mtengo wanuwo n'kukagwirizana ndi mwini nyumba, mukasintha pakati mwamuika pamoto iyeyo. Ngati simunalembe masiku, muimbireni mumuuze kuti koteshoni ithera limodzi ndi mtengo wakale, ndipo kuyambira pano koteshoni iliyonse izikhala ndi deti yothera.

A madipoziti. Tinene mayi wina akugula malata 20 pa K10,000 lililonse, zonse K200,000, ndipo anapereka kale K120,000. Ndalama imene anaperekayo ndi ya malata 12, amenewo ndi ake pa mtengo wakale, palibe zokambirana. Malata 8 otsalawo ndi amene mukambirane: akamaliza kulipira pasanafike pa 20, ndi K80,000, akapitirira, otsalawo agwera mtengo watsopano, tinene K13,000 lililonse, K104,000. Kulankhula kwake kukhale kwaulemu komanso kwa manambala:

"Mayi, ndati ndikudziwitseni nokha musanamve kwa ena. Malata anu 12 amene munalipira ali bwinobwino, mtengo wake susintha. Asanu ndi atatu otsalawa mukakwanitsa kulipira Loweruka pa 18 lisanathe ndi K80,000 yomwe ija, kupitirira pamenepo afika K104,000 chifukwa ku Limbe atikwezera. Muone mmene mungathere."

Koma ngati pa risiti yawo munalemba kuti mtengo wa malata onse 20 wamangidwa mpaka mwezi wakuti, ndiye sungani mawu anu, ngakhale zikupwetekeni.

A ngongole. Amene anatenga katundu mwezi watha abweze ndalama imene inalembedwa m'buku. Ngongole yakale sikwera ndi mitengo yatsopano. Chimene mungachite ndi kuwapempha kuti abweze msanga, ndi kufupikitsa masiku a ngongole zatsopano.

## Sitepe 6: Lembani chidziwitsocho

Chikhale chachifupi, tsiku likhale pamwamba, chifukwa chake chikhale chiganizo chimodzi kapena ziwiri. Nachi chitsanzo:

> CHIDZIWITSO KWA MAKASITOMALA ATHU
>
> Mitengo yatsopano iyamba Lolemba pa 20 Novembala 2023, 7 koloko m'mawa. Tsiku lomaliza la mitengo yakale ndi Loweruka pa 18 Novembala 2023.
>
> Kutsatira kugwa kwa kwacha pa 9 Novembala, kumene timaoda katundu atikwezera mitengo, thiransipoti nayo yakwera.
>
> Penti wa malita 5: K24,600, afika K32,000
> Lata limodzi: K10,000, lifika K13,000
> Thabwa: K3,800, lifika K4,000
> Mipini ya makasu: sinasinthe
>
> Tikuwerengera tsiku limene mwalipira. Mpaka pa 18, munthu mmodzi agula penti osaposa zitini 2 ndi malata osaposa 10. Makoteshoni agwira ntchito mpaka deti yolembedwapo. Amene muli ndi dipoziti, tionane pakauntala.
>
> Mndandanda wonse uli pakauntala. Zikomo chifukwa chotigula.
> Chalembedwa pa 13 Novembala 2023.

Onani kuti katundu amene sanasinthe watchulidwanso. Mzere umodzi umenewo umagwira ntchito yaikulu, umasonyeza kuti munakhala pansi n'kuwerengera, simunangokweza chisawawa. Onaninso kuti mulibe kupepesa kwa ndime zitatu. Kupepesa kwambiri kumapatsa anthu maganizo oti mtengowo ndi wonenerera. Mulibenso ndale, zoti walakwa ndi ndani pa kugwa kwa kwacha kakambiraneni kwina, pakhomo pa shopu pamalowa anthu a mbali zonse.

Ngati shopu yanu inalembetsa msonkho wa VAT, nenani kuti mitengoyi msonkho uli momwemo, kuti munthu asakadabwe pa risiti.

## Sitepe 7: Falitsani tsiku limodzi, paliponse mawu omwewo

Yambani ndi antchito anu, madzulo shopu itatsekedwa. Aliyense adziwe tsiku, malire, ndi yankho la funso la katundu wakale lija. Zimachititsa manyazi kasitomala akamadziwa za chidziwitso kuposa wogulitsa.

M'mawa mwake matani pepala pakhomo ndi pakauntala, lolembedwa ndi maka zilembo zazikulu, ndipo poti ino ndi Mulanje ndipo mvula sichedwa, likuteni ndi pulasitiki. Jambulani pepala lomwelo mutumize pa WhatsApp, komanso mulembe mawuwo ngati meseji wamba chifukwa ena bandulo yawo siyilola kutsitsa zithunzi. Mukagwiritsa ntchito New broadcast, njira ya pa WhatsApp yotumizira anthu ambiri meseji imodzi, dziwani kuti meseji imafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Status imafufutika pakatha maola 24, ndiye siyokwanira payokha. Amene ali ndi mafoni ang'onoang'ono atumizireni meseji ya pafoni wamba, mzere wa tsiku ndi zinthu ziwiri zitatu zimene amagula kawirikawiri.

Kutatsala masiku awiri kumbutsaninso kamodzi. Kamodzi kokha, osati tsiku lililonse.

## Sitepe 8: Usiku wa tsikulo ndi m'mawa mwake

Loweruka mukatseka, kapena Lamulungu, sinthani timapepala tonse ta mitengo pamashelefu, chotsani mndandanda wakale pakauntala, ndipo watsopanowo ukhale ndi deti pamwamba pa tsamba lililonse. Ngati muli ndi makina a risiti sinthaninso m'menemo, muyese kugulitsa zinthu zitatu muone ngati mtengo wa pashelefu ukufanana ndi wa pa risiti. Mukapeza kapepala kamodzi kakale kataiwalika ndipo kasitomala wakaona, mugulitseni pa mtengo umene waonawo kenako mukachotse.

Lolemba adzabwera ena akuti sindinamve. Asonyezeni pepala la pakhomo ndi deti imene linalembedwa, mofatsa. Mukamuchotsera mmodzi chifukwa wakuwa kwambiri, pofika masana onse adziwa kuti mtengo wanu umatsika ndi phokoso.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kusuntha tsiku. Mwalengeza pa 20, kenako mwaona anthu akugula kwambiri, mwakweza pa 16. Amene anakakongola ndalama ku banki mkhonde kuti adzagule pa 18 mwamupweteka, ndipo chidziwitso chanu chotsatira palibe adzachikhulupirire. Ngati sitoko imene munapatula yatha tsiku lisanafike, nenani zoona kuti penti watha, wina abwera pa mtengo watsopano, tsikulo lisasinthe.

Kulonjeza kuti "sitikwezanso chaka chino". Kwacha simuilamulira inu. Bola kunena kuti mitengo ikadzasinthanso mudzadziwitsa kutatsala sabata, limenelo ndi lonjezo loti mungalisunge.

Kulemba peresenti yokha, monga "mitengo yakwera ndi 30 peresenti". Munthu amene ali ndi ndalama m'thumba akufuna kudziwa kuti abwere ndi zingati. Lembani makwacha.

Kukhala ndi mindandanda iwiri ikuyenda nthawi imodzi, wina pa foni wina pakauntala, wopanda madeti. Chithunzi chakale chimazungulirabe m'magulupu miyezi, wina adzabwera nacho mu Febuluwale akuti mtengo wanu ndi uwu. Deti ya pamwamba ija ndi imene ikuyankhireni.

Kulemba mitengo m'madola kuti musamavutike kusintha. Makasitomala anu amalandira makwacha ndipo amalipira makwacha, mndandanda ukhale wa makwacha.

Kuiwala kutsitsa pamene kumene mumaoda atsitsa, kapena pamene munakweza poyembekezera mtengo umene sunafike pamenepo. Zimachitika kuti oodetsa amakweza kwambiri sabata yoyamba chifukwa cha mantha kenako n'kubweza pang'ono. Invoisi yotsatira ikabwera yotsika, bwererani ku masamu a sitepe 2, ndipo kutsikako mukulengeze ndi pepala lomwe lija pakhomo, tsiku lake lolembedwa lathunthu.